Kuwerengerana zimangirizo m'gulu la semina: ndemanga zomwe zimathandizadi mnzako kulembanso

M'magulu a semina ya zolembalemba omwe ndakhalamo, mawu omwe ndawamva kawirikawiri mnzathu akabweretsa chimangirizo chosamaliza ndi akuti, "Zili bwino achimwene, mungokonza masipelo." Wolembayo amathokoza n'kukakonzadi masipelowo. Pakapita milungu iwiri pepala limabwerera kuchokera kwa aphunzitsi lili ndi malikisi ochepa, ndipo m'mphepete mwalembedwa ndi inki yofiira kuti wangofotokoza nkhani, sanaizukute. Anzake anayi anawerenga pepala lomwelo ndipo palibe anamunamiza dala. Anangoyamba ndi zomwe diso limathamangira, chifukwa sipelo yolakwika imaonekera pomwepo pomwe mfundo yosowa siioneka. Umafunika njira yoifufuzira.

Chomwe ndaona kuti chimathandiza ndi ichi: owerenga asamafulumire kugamula ngati chimangirizo chili chabwino kapena choipa, komanso asamafulumire kuchikonza. Ntchito yawo yoyamba ndi kuuza wolemba zomwe iwo amva kuti pepalalo likunena, ndi malo enieni pomwe anasochera. Wolemba sangathe kudziuza yekha zimenezi, popeza iye akamawerenga amadzaza mipata yonse ndi zomwe zili kale m'mutu mwake.

Gulu likhale la anthu anayi kapena asanu. Likapitirira apo, awiri amangokhala duu n'kumavomereza zonena anzawo. Chimangirizo cha mawu pafupifupi 1,500, omwe ndi masamba asanu kapena kuposerapo pang'ono mizere ikatalikirana, chifike kwa aliyense masiku atatu tsiku lokumana lisanakwane. Kuwerengera m'kalasi momwemo sikuthandiza, chifukwa munthu amangoona tsamba loyamba ndi lomaliza. Wolemba aike nambala pa ndime iliyonse. Kanthu kameneka kamaoneka kachabe, koma ena amawerengera pa foni, ena pa pepala, ndiye masamba safanana; mukati "ndime 7" aliyense amapita pamalo amodzi. Pamwamba pake wolemba alembe mafunso awiri okha omwe akumusowetsa mtendere. "Kodi zili bwino?" si funso. Funso ndi monga, "Kodi ndime 4 ikugwirizana ndi zomwe ndalonjeza m'chiyambi?"

Wowerenga awerenge kawiri. Koyamba cholembera chikhale pansi, awerenge mpaka kumapeto osaima, kenaka atembenuze pepala n'kulemba chiganizo chimodzi choyamba ndi mawu akuti "Chimangirizochi chikunena kuti…". Kachiwiri atenge pensulo, ndipo m'mphepete mwa ndime iliyonse alembe ntchito ya ndimeyo m'mawu osapitirira asanu: "ikufotokoza nkhani", "ikupereka umboni", "ikuyankha wotsutsa", "ikubwereza ndime 2". Zonsezi zimatenga mphindi 40 kapena kucheperapo. Ndime yomwe yakukanika kuitchulira ntchito uikepo chizindikiro cha funso, usaibisire.

Nachi chitsanzo cha momwe zimenezi zimagwirira ntchito. Mnzathu wina analemba za nthano ya Kalulu ndi chitsime, ija timaidziwa tonse: kunagwa chilala, nyama zinagwirizana zokumba chitsime, Kalulu anakana, nyamazo zinaika alonda, Kalulu n'kumabwera ndi uchi kudzanyengerera mlonda aliyense kuti alole kumangidwa kaye ndipo amulawitse uchiwo, akatero n'kutunga madzi, kusamba ndi kuvundula chitsime, mpaka Kamba, yemwe onse ankamuderera, ndiye anamugwira. Chimangirizocho chinali ndi ndime 9, ndipo chiyambi chake chinkati nthanoyi ikutiphunzitsa kuti ulesi ndi woipa ndipo kugwirira ntchito limodzi n'kofunika.

Tisanalankhule china chilichonse, aliyense wa owerenga anayi anawerenga mokweza chiganizo chake chija. Awiri analemba kuti chimangirizocho chikunena kuti ulesi ndi woipa. Wachitatu analemba kuti chikunena kuti wamng'ono asadereredwe. Wachinayi anati, "Pepani achemwali, ine chiganizocho chandikanika. Ndangopeza nthano yokha." Mayankho atatu osiyana pa pepala limodzi. Panalibe chifukwa choti wina anene kuti mfundo yaikulu sikumveka, wolembayo anadzimvera yekha.

Kenaka tinafananitsa zolemba za m'mphepete. Onse anayi, pa ndime 2 mpaka 6, analemba mawu ofanana: ikufotokoza nkhani. Titawerengetsa, ndime zisanuzo zinali ndi mawu pafupifupi 900 mwa 1,500 aja. Ili ndiye vuto lomwe limafala kwambiri m'zimangirizo za zolembalemba, ndipo kulizindikira n'kosavuta ukadziwa poyang'ana. Yang'ana mawu oyambira ziganizo. Akakhala "kenaka", "tsiku lotsatira", "atatero", "pamapeto pake", ndimeyo ikutsata tsatanetsatane wa nkhani. Kuzukuta kumamveka ndi mawu ena: "izi zikuonetsa kuti", "chifukwa chake", "koma taonani kuti", "mosiyana ndi". Sindikunena kuti kungothira mawu amenewa kumasandutsa ndime kukhala yozukuta. Alipo ena amalemba "izi zikuonetsa kuti" n'kubwerezanso zomwe zachitika m'nkhani. Koma pomwe mawuwa palibiretu masamba atatu athunthu, uyenera kukayika.

Chifukwa chomwe anthu amagwera m'vutoli ndimachimvetsa. Kufotokoza nkhani kumadzaza masamba mofulumira ndipo sungalakwe. Komanso ambiri tinazolowera kuyambira kupulayimale kuti nthano imathera pa phunziro, ndiye ukatchula phunzirolo umaona ngati wamaliza ntchito. Koma mfundo ya chimangirizo cha m'semina iyenera kukhala yoti munthu wanzeru angaitsutse. Kodi alipo angaime kunena kuti ulesi ndi wabwino? Ngati palibe, ndiye kuti masamba asanuwo alibe choti ateteze.

Apa ndi pomwe ndemanga yabwino imasiyanirana ndi yongogwetsa mphwayi. Kunena kuti "mwangofotokoza nkhani" n'kulekera pomwepo n'koona, koma wolemba amabwerera kwawo alibe pogwira. Wowerenga waluso amafufuza malo pomwe wolembayo anayamba kuganiza yekha, ndipo pafupifupi m'chimangirizo chilichonse malo otero amakhalapo, kawirikawiri cha kumapeto, popeza munthu amazindikira zomwe akufuna kunena akamamaliza kulemba. M'pepala limeneli malowo anali pakati pa ndime 7, pomwe panali chiganizo chongodutsa chakuti palibe mlonda yemwe Kalulu anamugonjetsa ndi mphamvu, onse anavomera okha kumangidwa chifukwa cha uchi. Mmodzi wa owerenga anati, "Achemwali, ine pa ndime 7 m'pomwe ndinadzidzimuka. Nthanoyi ndaimva kuyambira ndili mwana koma sindinaganizepo kuti alondawo anapereka okha manja. Ndinkafuna mupitirize, koma ndime 8 yabwerera ku ulesi wa Kalulu."

Taonani zomwe ndemangayi yachita. Yatchula malo. Yanena zomwe zinachitika kwa wowerenga pamalopo. Yaonetsa pomwe ulusi unadukira. Koma siinamulembere wolembayo mfundo yatsopano. Iye mwini, atakhala chete pang'ono, ndiye anati mwina nthanoyi ikudzudzula alonda kuposa Kalulu, kuti chuma cha gulu chimaonongeka kudzera mwa omwe apatsidwa udindo wochisunga. Imeneyo ndi mfundo yoti wina angaikane, ndipo pompo wina anaikanadi: nanga bwanji nyama zonse zinakwiyira Kalulu n'kufuna kumulanga iyeyo? Nanga Kamba akulowa pati? Mafunso amenewa anali mphatso. Wolembayo anaona kuti ayenera kukhala ndi ndime yoyankha wotsutsa, ndiponso kuti Kamba ndi umboni wake wamphamvu, popeza ndi mlonda yekhayo amene sanagwe m'msampha wa uchi.

Panabukanso nkhani ina yomwe imavuta makamaka pa zolemba zokhudza nthano, miyambi ndi nyimbo za makolo. Wowerenga wina anati nthanoyo siitha choncho, kwawo Kamba anadzipaka ulimbo pamsana Kalulu n'kukanirira, pomwe m'chimangirizomo Kamba anabisala m'madzi n'kumugwira mwendo. Kukangana kuti wolondola ndani n'kutaya nthawi, chifukwa nthano imasintha malinga ndi wokamba ndi dera. Koma ndemangayo inaulula chosoweka chenicheni: wolembayo sananene kuti akuzukuta nthano yokambidwa ndi yani, kuti, liti, kapena yotengedwa m'buku liti. Pa buku losindikizidwa wowerenga amafunsa nambala ya tsamba. Pa nthano ya pakamwa amafunsa gwero. Ndipo ngati mfundo ikutsamira pa kachidutswa komwe kamapezeka mwa wokamba mmodzi yekha, wolemba anene zimenezo poyera.

Poyesa umboni, wowerenga achite kanthu kamodzi kosavuta. Pa mawu alionse ogwidwa kuchokera m'nkhani kapena m'ndakatulo, aone chomwe chikubwera pambuyo pake. Ndime ikathera pa mawu ogwidwawo, wolemba wasiyira wowerenga ntchito yomasulira. Ndimalemba m'mphepete kuti, "Ndi liwu liti muno lomwe likutsimikiza mfundo yanu?" Funso limeneli limakakamiza munthu kubwerera ku mawu enieni, kaya ndi chifanifani, kubwereza kwa mawu, kapena yemwe akulankhula. Ndipo ngati muli ndi bukulo, tsegulani tsambalo muone ngati mawu akopedwa molondola. Kawirikawiri ndapeza kuti mawu omwe wolemba akuti ndi maganizo a mlembi wa buku analankhulidwa ndi mpangankhani yemwe bukulo likumudzudzula. Cholakwika choterocho chimagwetsa ndime yonse, ndipo mnzako wa m'gulu yemwe wawerenga buku lomwelo ndiye angachigwire msanga.

Pokumana, chimangirizo chimodzi chipatsidwe mphindi 25, ndipo wina agwire wotchi. Mphindi 3 zoyamba owerenga awerenge ziganizo zawo zija. Mphindi 12 zotsatira akambirane, wolemba ali chete akulemba. Kenaka mphindi 7 wolemba afunse mafunso, ndipo 3 zomaliza anene mokweza zinthu ziwiri kapena zitatu zomwe akukasintha. Zimangirizo ziwiri zimakwana pa ola limodzi, choncho gulu la anthu asanu limamaliza onse pokumana katatu. Mukakakamiza zonse zisanu tsiku limodzi, womaliza amalandira "zili bwino" ya anthu otopa.

Kukhala chete kwa wolemba pa mphindi 12 zija ndiye lamulo lovuta kulisunga, koma musalisiye. Wowerenga akangoti ndime 3 sanaimve, wolemba amafuna kudumphira kuti, "Ayi, apo ndimatanthauza kuti…" Akafotokoza, onse amagwedeza mutu kuti tsopano tamva, ndipo nkhani imathera pomwepo. Koma pepala silinasinthe, ndipo aphunzitsi akamadzachonga wolembayo sadzakhala pambali pawo kuti afotokoze. Chomwe ndimalangiza n'chakuti mawu omwe wafuna kudziteteza nawowo uwalembe pansi pompo. Nthawi zambiri amakhala omveka kuposa omwe ali m'ndime, ndipo ndi omwe ayenera kulowa m'malo mwake.

Wowerenga aliyense asapitirire mfundo zitatu, ndipo ayambe ndi zazikulu: mfundo ya chimangirizo, umboni, kenaka kasanjidwe ka ndime. Masipelo, zizindikiro za m'kalembedwe ndi kalozera wa mabuku zidikire ulendo wachiwiri. Chifukwa chake n'chakuti palibe phindu kukonza mipumiro m'ndime yomwe mawa ichotsedwa, ndiponso munthu akapatsidwa zolakwika 30 amasankha zosavuta 27 n'kusiya zitatu zofunikazo. Ngati cholakwika chimodzi chikubwerezedwa paliponse, monga kusakaniza nthawi ya aneni, kuyamba ndi "Kalulu akubwera" kenaka "anatunga", chongani malo awiri okha n'kunena kuti zilipo zina. Wolemba akazipeza yekha sadzabwerezanso.

Pali chinthu china chomwe timachidziwa tonse koma sitichikamba. M'magulu ambiri mumakhala wina wamkulu, mwina mphunzitsi yemwe wagwira ntchito zaka zambiri ndipo wabwera kudzaonjezera maphunziro, akukhala pamodzi ndi achinyamata ongochoka kusekondale. Wachinyamata sangayang'ane munthu wa msinkhu wa bambo ake n'kunena kuti ndime yawo ilibe mutu. Zotsatira zake n'zakuti wamkuluyo ndi amene amalandira thandizo lochepa kuposa onse, ndipo zimenezi zimandimvetsa chisoni, chifukwa nthawi zambiri ndi amene wadzimana zambiri kuti afike pamenepo. Njira yonena zomwe zakuchitikira iwe ngati wowerenga imathetsa vutoli popanda kuphwanya ulemu. "Bambo, ine pa ndime 5 ndasochera, sindinadziwe ngati awa ndi maganizo anu kapena a mpangankhani." Palibe mwano m'mawu amenewa, komanso palibe chomwe chabisidwa. Wamkuluyo naye angathandize poyamba ndi kupempha kuti amutsine khutu, ndi kuthokoza woyamba kulankhula. Zimathandizanso kuti polankhula ayambe ndi wamng'ono, chifukwa wamkulu akayamba ena onse amangotsatira.

Kuyamikira nako kukhale ndi nambala ya ndime. "Mwalemba bwino" sikuuza munthu choti asunge. "Chiganizo chachitatu cha ndime 7 musachitaye" kumamuteteza kuti polembanso asachotse mtima wa pepala lake, zomwe ndaona zikuchitika kwa anthu omwe anakhumudwa n'kuyambiranso zonse.

Wolandira ndemanga asakhudze chimangirizo tsiku lomwelo. Agone kaye. M'mawa asanje zonse m'magulu atatu: zomwe akuvomereza, zomwe akufuna kuganizirabe, ndi zomwe akukana. Kukana n'kololedwa, pepala ndi lake, koma athe kunena chifukwa chake m'chiganizo chimodzi chokhudza nkhani yomwe akuzukuta, osati chokhudza yemwe wapereka ndemangayo. Ndipo asiyanitse malo opweteka ndi mankhwala omwe apatsidwa. Pa chimangirizo cha Kalulu chija, wina anati ndime 8 ichotsedwe, wina anati italikitsidwe. Malangizowo akutsutsana, koma onse akuloza malo amodzi. Owerenga awiri akapunthwa pamalo amodzi, pamenepo pali mwala ndithu, ngakhale onse atalakwitsa kachotsedwe kake. Wolembayo sanachotse ndimeyo kapena kuitalikitsa. Anaisandutsa kukhala yoyankha wotsutsa, yovomereza kuti Kalulu ndi wolakwa koma kuonetsa kuti kulakwa kwake sikukanaphula kanthu alonda akanakana uchi.

Malire ena musawadumphe. Wowerenga asalembere mnzake ziganizo. Zimayamba ndi mtima wothandiza, "bwerani ndikukonzereni", koma mathero ake ndime imodzi imamveka liwu la munthu wina, aphunzitsi amazindikira, ndipo m'sukulu zambiri zimenezi zimatengedwa ngati kubera ntchito. N'chimodzimodzi kutenga mfundo yomwe waiona m'pepala la mnzako n'kukaika mwako. Ngati nonse mukulemba za buku limodzi, gwirizanani pachiyambi kuti ganizo lobadwira m'zokambirana likhala la yemwe pepala lake limakambidwa, ndipo wina akafuna kuligwiritsa ntchito apemphe ndi kutchula. Funsaninso aphunzitsi anu kuti amalola kuthandizana mpaka pati, popeza malamulo amasiyana. Chimangirizo chosamaliza chisatuluke m'gulu. Chikangotumizidwa kwa munthu wina wakunja kamodzi kokha, anthu amayamba kubweretsa zokhazo zomwe azipukuta kale, ndipo pa zimenezo gulu silingathandizenso kanthu.

Ulendo wachiwiri umafunika patatha sabata imodzi, ndipo ndi waufupi, mphindi 10 basi. Wolemba alembe pamwamba zomwe wasintha ndi zomwe wakana. Owerenga abwereze chiganizo chija cha "Chimangirizochi chikunena kuti…" asanakambirane. Pa pepala la Kalulu, kufotokoza nthano kunatsika kuchoka pa mawu 900 kufika pa 150, m'ndime imodzi yotchulanso agogo omwe anaikamba ndi boma lomwe amakhala. Chiganizo cha m'ndime 7 chinakwera kukhala chomaliza cha ndime yoyamba. Mlonda aliyense anapatsidwa ndime yake, yoonetsa mawu omwe Kalulu anamunyengerera nawo ndi momwe iye anavomerera. Owerenga anayi aja atawerenga ziganizo zawo, atatu ananena chimodzimodzi za alonda ndi uchi. Wachinayi anati ndime ya Kamba ikumvekabe ngati chimangirizo china, chonena za kuderera wamng'ono, ndipo anasonyeza ziganizo ziwiri zomwe zinatsalira kuchokera m'pepala loyamba. Wolembayo anaziika mzere pansi, kenaka tinatenga mapensulo n'kuyamba masipelo.